Dzina la mboni ndi kulemera kwa umboni wake

Pa bwalo la mfumu, mlandu wa malire a munda ukavuta, mlembi amayamba walemba mayina a mboni. Amalemba kuti uje wa m'mudzi wakuti, uje wa kutsidya, uje mwana wa malemu akutiakuti. Ntchito ya mayinawo ndi yakuti aliyense wofuna kukafunsanso mboniyo adziwe khomo lokagogoda. Koma nduna zikakhala pansi kuti ziunike mlandu, zimafunsa zina. Zimafuna kudziwa ngati mboniyo inalipo tsiku limene ankadzala nkhadze ya pamalire, kapena inangomva kwa amalume ake. Zimafunanso kudziwa ngati ili pachibale ndi wodandaula, ndiponso ngati zimene ikunena zikugwirizana ndi za mboni inzake.

Kusiyana kumeneku n'komwe kulipo pakati pa zinthu ziwiri zimene ophunzira a ku koleji amazisokoneza chaka ndi chaka. China ndi mndandanda wa mabuku umene umaikidwa kumapeto kwa nkhani, uja timangoti malefelensi. China ndi mndandanda wa mabuku wokhala ndi ndemanga pansi pa buku lililonse, umene aphunzitsi amautcha anotetedi bibuliyogilafe. Woyambawo ndi pepala la mlembi lija. Wachiwiriwo ndi zimene nduna zanena za mboni iliyonse. Ndaona ophunzira ambiri akupatsidwa ntchito yachiwiriyi, iwo n'kubweretsa yoyamba ija atangoonjezera ziganizo ziwiri zokopera pachikuto cha buku, kenako n'kudabwa kuti malikisi athawira kuti.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni titenge wophunzira wa mbiri amene wapatsidwa funso ili: kodi John Chilembwe ankafuna chiyani pamene anthu ake anaukira atsamunda usiku wa pa 23 Januwale 1915? Ankafuna kulanda boma, kapena ankadziwa kuti apita kukafa ndipo ankangofuna kuti imfa yake ikhale chizindikiro? Mabuku onena za nkhaniyi alipo angapo odziwika, ndipo amodzi mwa iwo ndi la George Simeon Mwase. Mu malefelensi olembedwa motsata dongosolo la APA, bukulo limaoneka chonchi:

Mwase, G. S. (1967). *Strike a blow and die: A narrative of race relations in colonial Africa* (R. I. Rotberg, Mkonzi). Harvard University Press.

Mzere umenewu wagwira ntchito yake yonse. Watiuza wolemba, chaka, mutu wa buku, mkonzi ndi osindikiza. Munthu atautenga kupita nawo ku laibulale ku Zomba kapena ku Edinburgh, bukulo alipeza. Palibe chabodza m'menemo. Komabe taonani zimene wowerenga wosadziwa angaganize ataungowerenga mzerewo. Angaganize kuti Mwase analemba bukuli cha m'ma 1967, dziko litalandira kale ufulu, patatha zaka 52 chichitikire chipolowecho. Kapena angaganize kuti poti dzinalo ndi la Mmalawi, ndiye kuti munthuyo analipo ku Mbombwe ndipo anamva Chilembwe akulankhula. Zonse ziwirizi n'zolakwa. Mwase analemba zolembazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, dziko lidakali m'manja mwa Angerezi, ndipo zinakhala zosasindikizidwa mpaka Robert Rotberg anazitenga n'kuzikonza kuti zikhale buku. Mwase anali kalaliki wa Chitonga wochokera chakumpoto, ndipo sanali nawo m'gulu la oukirawo. Zambiri za usiku umenewo anazimva kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira a Chilembwe, pamene onse awiri anali m'ndende ya Zomba.

Mzere wa malefelensi ulibe malo oikapo zimenezi. Sanaupangire zimenezo. Ndemanga ndiyo imazinyamula, ndipo pansi pa mzere uja wophunzira wathu angalembe motere:

"Zolembazi zinalembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, zaka zoposa 15 chichitikire chipolowe, ngakhale zinasindikizidwa mu 1967. Mwase akunena kuti Chilembwe ankadziwa kuti sangagonjetse boma, ndipo anasankha kukantha kamodzi n'kufa kuti atsamunda aone kuwawa kwa ulamuliro wawo. Akumuyerekeza ndi John Brown wa ku Amereka. Mwase sanaone yekha zimene akufotokoza. Anazimva kwa Wallace Kampingo m'ndende ya Zomba, choncho mawu amene akuwaika m'kamwa mwa Chilembwe adutsa m'makutu a anthu awiri ndi m'zaka zambiri, ndipo sangatengedwe ngati mawu enieni a Chilembwe. Mawu oyamba a Rotberg ayenera kuwerengedwa padera ndi zolemba za Mwase, chifukwa ndi a munthu wina wa nthawi ina. Bukuli ndidzaligwiritsa ntchito m'gawo lachitatu, posonyeza m'mene Mmalawi wophunzira wa m'ma 1930 ankaonera Chilembwe. Palokha silingandikwanire kutsimikizira cholinga cha Chilembwe, ndipo ndidzaliika pambali pa maumboni a mu 1915."

Ndemangayi ili ndi mawu oposa 100 pang'ono, ndipo ndi msinkhu wabwino. Aphunzitsi ambiri amapempha mawu a pakati pa 100 ndi 200 pa buku lililonse, ndime imodzi, ngakhale mndandanda wa mabuku ambirimbiri umatha kukhala ndi ndemanga za ziganizo ziwiri kapena zitatu zokha. Tiyeni tiiphwanye tione zimene zili m'kati mwake, chifukwa ziganizo zake sizikugwira ntchito imodzi.

Ntchito yoyamba ndi kunena chimene wolemba akunena. Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo amagwa mosadziwa. Wophunzira amalemba kuti "Bukuli likukamba za John Chilembwe ndi chipolowe cha mu 1915." Chiganizocho n'choona, koma chingathe kulembedwa pansi pa buku lililonse la m'ndandandawo. Chingakwane pansi pa Mwase, pansi pa *Independent African* la George Shepperson ndi Thomas Price, pansi pa *Let Us Die for Africa* la D. D. Phiri. Chikutchula mutu wa nkhani, pomwe ndemanga imafuna mfundo ya wolemba. Mutu wa nkhani ndi Chilembwe. Mfundo ndi yakuti Chilembwe anasankha kufa kuti imfa yake ilankhule. Njira yophweka yodziyesera ndi kuyang'ana mneni amene mwagwiritsa ntchito. Mukapeza kuti mwalemba "likukamba za", "likufotokoza za", "likuunika za", kawirikawiri mwangozungulira nyumba osalowamo. Mukalemba "akunena kuti", "akutsutsa zoti", "akusonyeza kuti", mawu akuti "kuti" aja amakukakamizani kumaliza chiganizo ndi mfundo yeniyeni, ndipo ngati bukulo simunaliwerenge, cholembera chimaima pomwepo.

Ntchito yachiwiri ndi kunena kumene wolembayo anazitenga zimene akunenazo. Pa Mwase, yankho ndi Kampingo ndi ndende ya Zomba. Pa Shepperson ndi Price, amene buku lawo linatuluka mu 1958 ku Edinburgh University Press, yankho ndi makalata, zikalata za mamishoni, manyuzipepala ndi zolemba za ku Britain ndi ku Amereka, kumene Chilembwe anakaphunzira atapita ndi Joseph Booth mu 1897. Pa nkhani za sayansi kapena zaumoyo, funso lomweli limasanduka lakuti kafukufukuyo anachitikira kuti, anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anawasankha motani. Kafukufuku wa alimi 40 a m'mudzi umodzi ndi wa alimi a m'maboma khumi onse amaoneka ofanana mu malefelensi, aliyense ndi mzere wake umodzi. Ndemanga ndiyo imawasiyanitsa.

Ntchito yachitatu ndi kuyeza. Apa wophunzira amachita mantha, ndipo manthawo ndimawamvetsa. Tinakula tikuuzidwa kuti zolembedwa m'buku n'zoona, ndipo mwana wa chaka chachiwiri amadzifunsa kuti iye ndani kuti atsutse pulofesa wa ku Edinburgh. Koma kuyeza sikutanthauza kunyoza, ndiponso sikufuna kuti mukhale odziwa kuposa wolembayo. Kumangofuna kuti munene pamene umboni wake ukulekezera. Buku la mu 1958 silikanatha kugwiritsa ntchito buku limene linasindikizidwa mu 1967, ndipo kunena zimenezi si mwano. N'chimodzimodzi ndi maumboni amene anaperekedwa ku komiti yofufuza za chipolowecho mu 1915, amene John McCracken anawasonkhanitsa m'buku la *Voices from the Chilembwe Rising* mu 2015. Maumboniwo ndi apafupi kwambiri ndi nthawi ya zochitikazo, ndipo chimenechi ndi mphamvu yawo. Koma Amalawi amene ankapereka umboniwo ankayankhula pamaso pa Azungu a boma, miyezi yochepa anzawo atanyongedwa ndi kuomberedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chitagwetsedwa. Munthu wotere amasankha mawu. Ndemanga yabwino imanena zonse ziwiri, kuyandikira kwa umboni ndi mantha a mboni, ndipo wowerenga amadziwa kuchuluka kwa katundu amene angasenzetse bukulo.

Mawu oyamikira opanda chifukwa ndi msampha wina pa ntchito yoyezayi. "Bukuli ndi labwino kwambiri ndipo lalembedwa momveka bwino." "Wolembayu ndi katswiri wodziwika." Ziganizo zoterezi zimadzaza pepala koma sizithandiza aliyense kusankha chowerenga. Ngati buku ndi lodalirika, nenani chimene chikulichititsa kukhala lodalirika. Ngati lili ndi mbali imene likukondera, itchuleni mbaliyo, ndipo musaiwale kuti kukondera sikulichotsa buku pa mndandanda. Lipoti la boma la atsamunda limakondera boma, ndipo n'chifukwa chake ndi mboni yabwino ya m'mene bomalo linkaganizira.

Ntchito yachinayi, imene ine ndimaiona ngati mtima wa ndemanga, ndi kunena kuti bukulo likuthandizani chiyani inuyo pa funso lanu. Mzere wa malefelensi susintha. Wina alembe za Chilembwe, wina alembe za ndende za atsamunda, wina alembe za Chingerezi cha makalaliki a ku Nyasaland, mzere wa Mwase ukhala womwewo kwa onse atatu, mpaka kampumiro kalikonse. Koma ndemanga zawo zikhala zitatu zosiyana. Tengani *Magomero* la Landeg White, la mu 1987. Bukuli likutsata mbiri ya mudzi umodzi kwa zaka zoposa 100, ndipo chipolowe cha Chilembwe ndi gawo chabe la nkhani yake. Wophunzira wathu sayenera kufotokoza buku lonse. Chimene akufuna m'menemo ndi moyo wa pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, thangata, Alomwe amene anachokera ku Mozambique n'kukhala pa malo a Azungu, ndi William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa esitetiyo amene anaphedwa usiku uja. Ndemanga yake inene kuti mitu yakutiyakuti ndiyo ikukhudza funso lake, ndipo ikusonyeza madandaulo a anthu amene anatsatira Chilembwe kusiyana ndi maganizo a Chilembwe mwini. Chiganizo chimenechi palibe kumene angachikopere, chifukwa palibe wina amene ali ndi funso lake.

Pali chachisanu chimene sichipezeka mu ndemanga iliyonse, koma chikapezeka chimasonyeza kuti munthu wayamba kuona nkhalango yonse. Ndi kulumikiza buku ndi linzake. Jane ndi Ian Linden analemba nkhani mu *Journal of African History* mu 1971 yonena kuti chiyembekezo chachipembedzo cha kutha kwa dziko lakale ndi kudza kwa latsopano chinali ndi gawo lalikulu pa chipolowecho. Ndemanga ya nkhani imeneyi ingathe ndi chiganizo chakuti mfundo yawo ikusiyana ndi ya Mwase, amene akuona Chilembwe ngati munthu wodzipereka nsembe chifukwa cha nkhanza za atsamunda. Chiganizo chimodzi chotere n'chokwanira. Mukayamba kulemba ndime zitatu zoyerekeza olemba, mwachoka pa mndandanda ndipo mwalowa mu ntchito ina.

Ntchito inayo ndi imene amaitcha litirecha riviyu, kuunika zimene ena analemba pa nkhani yanu, ndipo ndi m'bale wa mndandanda wa ndemanga koma si mapasa. Mu mndandanda, buku lililonse limaima palokha, lili ndi mzere wake ndi ndime yake, ndipo wowerenga angayambire paliponse. Mu litirecha riviyu mabuku amasakanizidwa, ndipo chimene chimatsogolera ndi mfundo. Ndime imodzi ingakhale ya amene akuti Chilembwe ankafuna ufulu wa dziko, ina ya amene akuti ankayembekezera za kumwamba, ndipo Mwase angatchulidwe katatu m'malo atatu. Mndandanda wa ndemanga uli ngati njerwa zoumbidwa zoyalidwa padzuwa, iliyonse payokha. Amene anaziumba bwino savutika pomanga, ndipo n'chifukwa chake oyang'anira kafukufuku ambiri amafuna kuona mndandanda wophunzira asanayambe mutu wachiwiri wa thesisi yake.

M'bale wina amene amasokoneza anthu ndi abusitilakiti, kachidule kaja kamakhala pamwamba pa nkhani ya mu jenala. Kachiduleka amakalemba ndi mwini nkhani, ndipo mwini nkhani salemba zofooka zake pakhomo. Kamanena zimene iye akufuna kuti muone, kamalembedwera dziko lonse, ndipo sikadziwa funso lanu. Wophunzira akakakopera n'kukaika ngati ndemanga, walakwa kawiri. Waba mawu a mwini, umene ndi mlandu pa sukulu iliyonse, komanso wapereka chinthu chimene sanapemphedwe. Mphunzitsi amazindikira msanga. Chingerezi cha ndemanga imodzi chimakhala chosalala ngati cha pulofesa pomwe cha inzake chikupunthwa, kapena mwadzidzidzi mumapezeka mawu akuti "tinapeza kuti" pomwe wophunzirayo palibe chimene anapeza. Mawu a pachikuto cha kumbuyo kwa buku ndiye oipirapo, poti amalembedwa ndi ogulitsa. Chikomekome cha mkuyu chija, wogulitsa sanena za nyerere.

Tsopano tibwerere ku malefelensi, chifukwa kusiyana kwake sikuthera pa kukhalapo kapena kusakhalapo kwa ndime ya pansi. Malefelensi ndi mchira wa nkhani ina. Sakhala paokha. Lamulo lake mu APA ndi lakuti buku lililonse lotchulidwa m'kati mwa nkhani lipezeke kumapeto, ndipo lililonse la kumapeto likhale lotchulidwa m'kati. Ngati munawerenga buku la Phiri koma simunalitchule paliponse, sililowa. Mndandanda wa ndemanga, m'malo mwake, umatha kuima wokha ngati ntchito yathunthu, ndipo kawirikawiri umalembedwa nkhani isanabadwe. Pa chifukwa chimenechi ungathe kusunga buku limene mwaliwerenga n'kulipeza losathandiza, bola munene chifukwa chake. Ndemanga yakuti buku lakutilakuti likungobwereza za Shepperson ndi Price popanda umboni watsopano ndi yothandiza kwambiri, chifukwa ipulumutsa mlungu wathunthu wa munthu wobwera pambuyo panu. Mu malefelensi, buku lotere limangosowa, ndipo palibe amene angadziwe ngati munalikana kapena simunalione n'komwe.

Kuima paokha kumeneku kwachititsa kuti mindandanda ina isindikizidwe ngati mabuku. Kampani ya Clio Press inali ndi mndandanda wa mabuku otere a dziko lililonse, ndipo la Malawi linakonzedwa ndi Robert Boeder mu 1979, kenako Samuel Decalo analikonzanso mu 1995. Ndemanga za m'mabuku otere kawirikawiri zimakhala zazifupi ndiponso zofotokoza chabe, chifukwa wolemba sakudziwa funso la wowerenga. Apa ndi pamene pachokera mitundu iwiri imene aphunzitsi amaitchula. Pali ndemanga yongofotokoza, imene imanena zimene zili m'buku n'kulekera pomwepo. Pali ndemanga yoyeza, imene imapitirira kunena mphamvu, zofooka ndi ntchito ya bukulo. Musanayambe, funsani mtundu umene ukufunika. Mphunzitsi akapanda kunena, ine ndingalembe yoyeza, chifukwa yoyeza imanyamula yofotokoza m'kati mwake.

Kusanja nako kumasiyana. Malefelensi a APA amatsata alifabeti ya mayina a olemba, ndipo palibe kukambirana. Mndandanda wa ndemanga nawo kawirikawiri umatsata alifabeti, koma umaloledwa kugawidwa m'magulu ngati zimenezo zikuthandiza. Pa nkhani ya Chilembwe, ine ndingaike padera mboni za nthawi ya atsamunda, monga maumboni a mu 1915 ndi Mwase, n'kuika padera akatswiri a mbiri amene analemba pambuyo pake. Kugawa kotere kumakonza bodza limene zaka za mu malefelensi zimanena mosafuna. Potsata chaka chosindikizira, Mwase wa 1967 akuoneka ngati wamng'ono kwa Shepperson wa 1958, ndipo maumboni a McCracken a 2015 akuoneka ngati a dzulodzuloli, pomwe mawu a m'katimo ndi akale kuposa onse. Mukagawa m'magulu, lembani ndime yaifupi pamwamba yonena funso lanu, nthawi imene mndandandawo ukukhudza, ndi zimene mwasiya dala. Popanda ndime imeneyi wowerenga sangadziwe ngati buku losowalo munalisiya mwadala kapena mwaumbuli.

Za kaonekedwe ka pepala ndizidutsa mwachangu, poti zili m'buku la malamulo la dongosolo lililonse. Mzere wapamwamba umalembedwa ndendende monga ukanalembedwera mu malefelensi, kaya ndi APA, MLA kapena Chicago, malinga ndi zimene dipatimenti yanu imatsata. Ndemanga imayamba pa mzere watsopano pansi pake, italowetsedwa m'kati. APA ya chisanu ndi chiwiri imati ilowe theka la inchi kuchokera kumalire a kumanzere, pomwe MLA ya chisanu ndi chinayi imati inchi yathunthu. Chofunika ndi kusasakaniza madongosolo awiri pa pepala limodzi. Mapulogalamu monga Zotero ndi Mendeley amatha kukulemberani mzere wapamwambawo, ngakhale muyenera kuuyang'ananso, chifukwa amatha kuika mkonzi pamalo a wolemba. Buku la Mwase lomweli limapezeka m'malo ena litalembedwa pansi pa dzina la Rotberg. Ndime ya pansi ndiyo palibe pulogalamu ya malefelensi imene ingaidziwe, poti imachokera pa kuwerenga.

Ndipo apa pali vuto lenileni kwa wophunzira wa kwathu kuno, limene mabuku a malangizo olembedwa kunja saliganizira. Buku lofunika limakhala limodzi mu laibulale yonse, ophunzira 80 akulifuna sabata yomweyo, kapena nkhani ya mu jenala ikufuna ndalama zakunja kuti itseguke. Chiyeso chimakhala cholemba ndemanga ya buku limene mwangomva likutchulidwa m'buku lina. Mu malefelensi chinyengo chotere chimabisika, chifukwa mzere wa buku lowerengedwa ndi wa losawerengedwa amaoneka chimodzimodzi. Mu ndemanga chimaonekera poyera. Mlangizi amangofunsa kuti, "Mwanena kuti White akusonyeza madandaulo a anthu a pa esiteti. Ndi mutu uti umenewo?" ndipo chipinda chimakhala zii. Njira yoona ndi kunena zimene mwawerengadi. Ngati mwapeza mutu umodzi wokha, lembani mzere wa mutuwo ndi masamba ake, ndemanga yanu ikhale ya mutuwo. Ngati mfundo ya a Linden mwaimva kudzera mwa McCracken, inene zimenezo mu ndemanga ya McCracken, ndipo a Linden adikire mpaka mutawapeza. Mukapanda kutero mukhala mukuchita zomwe zija tikumuchenjerera nazo Mwase, kufotokoza za m'kamwa mwa wina ngati munaliko, koma inu popanda kutchula Kampingo wanu.

Sindikunena kuti buku lililonse la masamba 500 liwerengedwe kuyambira pachikuto mpaka pachikuto lisanalembedwe ndemanga. Shepperson ndi Price ndi buku lalikulu, ndipo wophunzira wa masabata atatu sangalimalize limodzi ndi ena khumi. Chimene angachite ndi kuwerenga mawu oyamba, mutu womaliza, mitu yokhudza funso lake, ndi kuyang'ana bwino zolemba za m'munsi kapena za kumapeto kuti aone mboni zimene olembawo akudalira. Zolemba zing'onozing'onozo anthu amazidumpha, koma ndi mmene muli yankho la ntchito yachiwiri ija. Akatero atseke buku, alembe mfundo ya wolemba m'chiganizo chimodzi osayang'ana, kenako atsegulenso kuti aone ngati sanam'namizire. Kutseka bukuko kumateteza ku kukopera mosadziwa. Ndipo ndemanga ilembedwe tsiku lomwelo. Pakatha mwezi, mabuku asanu ndi limodzi onena za munthu mmodzi amasanduka phala limodzi m'mutu, ndipo simukumbukiranso ngati za John Brown munaziwerenga mwa Mwase kapena mwa wina.

Ndemanga imathanso kukalamba ngakhale bukulo silinasinthe. Wophunzira wathu atawerenga maumboni a mu 1915, funso lake lingasinthe. Mwina aona kuti za mumtima mwa Chilembwe n'zovuta kuzifikira, popeza anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915 asanaimirire pa bwalo lililonse kuti afotokoze yekha, ndipo asankha kufunsa chifukwa chimene anthu a pa esiteti ya Magomero anam'tsatirira. Zikatero mizere yonse yapamwamba ikhala momwemo, osasintha ngakhale chilembo. Koma ziganizo zomaliza za ndemanga iliyonse ziyenera kulembedwanso. White, amene anali buku la pambali, asanduka mzati wapakati. Mwase, amene anali m'gawo lachitatu, mwina atsikira m'ndime imodzi ya mawu oyamba, ndipo chiganizo chomaliza cha ndemanga yake chidzati: "Popeza funso langa tsopano ndi la otsatira a Chilembwe, ndidzagwiritsa ntchito mbali zokhazo zimene zikuoneka kuti zinachokera kwa Kampingo."